Masupuni awiri pa kapu imodzi: supuni yake iti, kapu yake iti?

Munthu wopanda sikelo akafunsa kuti athire khofi wochuluka bwanji, yankho lomwe amalandira kawirikawiri ndi lakuti masupuni akuluakulu awiri pa kapu imodzi ya madzi. Yankholi silabodza, koma vuto ndi lakuti supuni ndi kapu zimasintha kukula mukangodutsa malire a dziko. Amereka ndi Kanada amagwirizana pa supuni koma amasiyana pa kapu. Ositireliya ndi Nyuzilandi amagwirizana pa kapu koma amasiyana pa supuni. Pa kapu imodzi kusiyanaku mwina simungakumve pakamwa. Pa jagi yodzaza, ya alendo khumi, kumaoneka ndi maso.

Tisanayerekeze, tigwirizane kaye za khofi yemwe tikumufuna. Ndikunena za khofi wogaya, wosefa m'makina kapena m'jagi yokanikiza, yokhala ndi sefa yomwe mumakankhira pansi, osati wosungunuka m'madzi. Bungwe la akatswiri a khofi la SCA limaika muyezo wa magalamu 55 a khofi pa lita imodzi ya madzi, ndipo limalola kuonjezera kapena kuchepetsa pang'ono. Ambiri amangoti magalamu 60 chifukwa ndi osavuta kuwerengera. Supuni yoyezera ya mamililita 15, mukaidzaza n'kusalaza pamwamba ndi mpeni, imanyamula pafupifupi magalamu 5 a khofi wogaya. Choncho lita imodzi imafuna masupuni 11 kapena 12. Nkhani yonse yatsamira pa manambala amenewa.

Ku Amereka malangizo otchuka amati supuni imodzi kapena awiri pa maaunsi 6 a madzi, omwe ndi mamililita 177. Mukatenga awiriwo, mwathira magalamu 10 m'mamililita 177, kutanthauza magalamu pafupifupi 56 pa lita. Zakhala bwino ndithu. Koma m'khitchini momwemo muli kapu ina, yoyezera ufa ndi mkaka, ya maaunsi 8, yomwe ndi mamililita 237. Ndiye palinso yachitatu, yolembedwa m'mbali mwa jagi ya makina, yomwe pa makina ambiri ndi maaunsi 5 okha, pafupifupi mamililita 148. Dziko limodzi, makapu atatu, onse dzina limodzi. Yemwe anauzidwa kuti "awiri pa kapu" n'kutenga kapu yoyezera ufa ija apeza magalamu 42 pa lita, khofi wosukulukirapo, ndipo adzaganiza kuti anagula khofi woipa.

Kanada anayamba kusamukira ku malita ndi magalamu m'zaka za m'ma 1970, ndipo kapu yawo yoyezera ndi mamililita 250, supuni yawo ndi mamililita 15. Supuni ya ku Amereka ndi 14.8, kusiyana komwe palibe lilime lingakuzindikire. Kapu ndiye yakula. Masupuni awiri m'mamililita 250 ndi magalamu 40 okha pa lita. Kuti mufike pa 60 pamafunika masupuni atatu pa kapu iliyonse. Ubwino wake masamu ndi oyera: makapu anayi ndi lita imodzi, masupuni 12. Tsoka lake, makina ambiri ogulitsidwa kumeneko ndi omwewo a kwa mnansi wawo, okhala ndi timakapu ting'onoting'ono tija m'mbali mwa jagi.

Tiyeni tipange jagi imodzi mpaka kumapeto, ya makina olembedwa kuti makapu 12. Pa maaunsi 5 kapu iliyonse, madzi onse ndi maaunsi 60, pafupifupi malita 1.8. Pa magalamu 55 pa lita, akufunika magalamu pafupifupi 100, omwe ndi masupuni 20 osalaza.

Anthu atatu aima patsogolo pa makina amenewa. Woyamba akuti makapu 12, masupuni 12. Wathira magalamu 60 m'malita 1.8, ndiye kuti magalamu 33 pa lita. Khofi wake atuluka wofiirira ngati tiyi, ndipo mukathira m'kapu yoyera muona pansi pake. Wachiwiri wakumbukira zakuti awiri pa kapu, wathira 24. Amenewo ndi magalamu 120, pafupifupi 67 pa lita. Khofi wake ndi wamphamvu koma womweka, ndipo ena amamukonda choncho, kungoti kabasiketi ka sefa kayamba kudzaza. Wachitatu ndi wa ku Kanada wodziwa bwino lamulo lake la masupuni atatu pa kapu, koma wakhulupirira nambala ya pa jagi. Wawerengera masupuni 36, magalamu 180, poganiza kuti ali ndi malita atatu a madzi. Khofi akanyowa amafufuma, makamaka wokazinga kumene, ndiye madzi alephera kudutsa msanga, asefukira pamwamba pa pepala, ndipo nsenga zigwera m'jagi kapena pathebulo. Lamulo lake linali lolondola. Anangoliika pa kapu yosayenera.

Kuwerenga masupuni 20 n'kotopetsa, ndipo wina akakulankhulitsani pa 13 mwasokonezeka. Masupuni 20 ndi mamililita 300. Ndi kapu yoyezera ya ku Amereka, imeneyo ndi kapu imodzi ndi kota, poti kapu yawo ndi masupuni 16. Ndi ya ku Kanada, ndi kapu imodzi yosalaza kuonjezerapo masupuni atatu.

M'maiko awiri olekanitsidwa ndi Nyanja ya Tasimani zinthu zatembenuka. Ositireliya ndi Nyuzilandi onse amayeza ndi kapu ya mamililita 250, koma supuni yaikulu ya ku Ositireliya ndi mamililita 20, pomwe ya ku Nyuzilandi ndi 15. Kunena kwina, ya ku Ositireliya ndi masupuni a tiyi anayi, inayo ndi atatu. Supuni ya mamililita 20 imanyamula magalamu oposa 6 ndi theka pang'ono. Apa pali chinthu choseketsa. Wa ku Ositireliya akamva malangizo a ku Amereka aja, n'kuwatsata ndi supuni yake yaikulu komanso kapu yake yaikulu, amathira magalamu 13 m'mamililita 250, omwe ndi 53 pa lita. Zolakwika ziwirizo zafafanizana, khofi watuluka bwinobwino. Mnzake wa ku Nyuzilandi, potsata mawu omwewo, amathera pa 40 ngati wa ku Kanada uja.

M'maiko awiriwa jagi yokanikiza ndi yofala m'makomo, ndipo nayonso ili ndi msampha wake. Yomwe amaitcha ya makapu 8 nthawi zambiri ndi lita imodzi basi, chifukwa opanga ake amawerengera timakapu ta mamililita 125. Siikwana makapu asanu ndi atatu omwe anthu amamwera, imakwana anayi. Ku Nyuzilandi jagi imeneyi imafuna masupuni 11 kapena 12, ku Ositireliya 8 kapena 9. Mukalandira malangizo kuchokera kutsidya n'kuthira 12 a supuni yaikuluyo, mwafika magalamu 80. Mukathira 9 a yaing'onoyo, mwatsala pa 45. Kumbukiraninso kuti m'jagi yokanikiza khofi ndi madzi amakhala malo amodzi, choncho lita yathunthu ya madzi siilowa. Pamafunika kusiya mpata wa chivindikiro.

Nanga njira yabwino ndi ya ndani? Ine ndimakondera ya Kanada ndi Nyuzilandi, yakuti atatu pa kapu ya 250, chifukwa imagawika bwino m'malita ndipo munthu angathe kuwerengera jagi ya kukula kulikonse m'mutu. Ya ku Ositireliya, yakuti awiri pa kapu ya 250, ndi yosavuta kuikumbukira ndipo masupuni owerenga ndi ochepa, koma imakutayani mukangogwira supuni ya kwina, ndipo masupuni a mamililita 15 amagulitsidwanso komweko. Ya ku Amereka ndi yolondola pa pepala, koma imadalira kapu ya maaunsi 6 yomwe siili pa jagi, siilinso m'kabati ya zoyezera.

Komabe pali njira ina yosafunsa kuti muli dziko liti. Popeza khofi wogaya amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi odzaza chiwiya chomwecho, magalamu 55 pa lita amafanana ndi muyezo umodzi wa khofi pa miyezo isanu ndi umodzi ya madzi. Tengani kapu iliyonse yomwe muli nayo, ngakhale yosalembedwa kanthu. Idzazeni khofi kamodzi, musalaze, osatsendera. Kenako thirani madzi kasanu ndi kamodzi ndi kapu yomweyo. Onani kuti zikugwirizana ndi jagi yathu ija: malita 1.8 kugawa pasanu ndi kamodzi ndi mamililita 300. Ngati mumakonda wamphamvu, thirani madzi kasanu ndi theka. Yezani khofi poyamba kapu ikadali youma, apo ayi amamatirira. Ndipo tsiku lina dzazani jagi yanu mpaka pamzere wapamwamba pogwiritsa ntchito kapu yoyezera kapena botolo lolembedwa kuchuluka kwake, mudziwe malita ake enieni. Zimenezi mumachita kamodzi kokha.

Supuni ili ndi malire ake. Imayeza malo, osati kulemera. Khofi wokazinga kwambiri, wakuda uja, amafufuma pokazinga n'kupepuka, choncho supuni yake imalemera pang'ono poyerekeza ndi ya wokazinga mopepuka. Pa jagi ya masupuni 20, wakuda angafune ena awiri, woyererako mungachotse limodzi kapena awiri. Supuni yokhala ndi mulu pamwamba imatha kunyamula magalamu 7 kapena 8, ndipo mulu wa lero sufanana ndi wa mawa. N'chifukwa chake ndimaumirira zosalaza. Masupuni odyera nawo alibe kukula kokhazikika. Ngati ndi okhawo omwe muli nawo, sankhani imodzi ikhale ya khofi nthawi zonse.

Madzi yezani olowa, osati otuluka. Khofi amasunga madzi olemera pafupifupi kawiri kulemera kwake, ndiye magalamu 100 ameza mamililita 200, ndipo pa malita 1.8 m'jagi mufika 1.6. Musadabwe kuona kuti sanafike pamzere, ndipo musathire madzi ena m'makina kuti mukwanitse.

Polawa, siyanitsani mavuto awiri. Khofi wopanda thupi, womveka madzimadzi koma wosawawa, akupempha masupuni ena. Koma ngati ali wowawasa, madzi anadutsa mofulumira kapena sanatenthe mokwanira, kapena khofiyo anagayidwa mokhakhala kwambiri. Ngati ali wowawa ndipo akuumitsa m'kamwa, anagayidwa mosalala kwambiri kapena anakhalitsa m'madzi. Apa kuchepetsa masupuni sikuthandiza, kumangoonjezera vuto, chifukwa khofi wochepa m'madzi ambiri amakamidwa mopitirira n'kutulutsa zowawa zomwezo. Sinthani kagayidwe, masupuni akhale omwewo. Ngati khofi wakoma koma wangokulirani mphamvu, thirani madzi otentha m'kapu mwanu, ndipo jagi yotsatira muchotse masupuni awiri.