Chenjezo kwa Othamangira Kudina Restore

Ndikulankhula ndi inu amene iPhone yanu ikangoima pa chizindikiro cha apozi mumailumikiza ku kompyuta n'kudina batani lililonse musanawerenge. Lekani phuma limenelo. Foni yoteroyo, kaya kuika iOS yatsopano kudadukira panjira kaya malo osungira zinthu adadzaza, nthawi zambiri imakhala ikadali ndi zithunzi ndi mauthenga anu onse, ndipo chimene chimazifafaniza ndi chala chanu chomwe.

Ngati pansi pa chizindikirocho pali kamzere, dikirani mpaka ola lathunthu lithe kasanasunthe. Mukatero ikakamizeni kuzima n'kuyakanso. Pa iPhone 8 ndi zobwera pambuyo pake, dinani batani lokwezera mawu n'kulisiya, dinani lotsitsira mawu n'kulisiya, kenako gwirani la pambali mpaka chizindikiro chizime n'kubweranso.

Zikakanika m'pamene mulumikize foni ku kompyuta, mubwereze mabatani omwewo, koma la pambali musalisiye ngakhale apozi aoneke, kufikira patuluke chithunzi cha nthambo ndi kompyuta. Imeneyo ndiyo recovery mode, ndipo kulowamo kokha sikufufuta kanthu. Ngozi ili pa zimene kompyuta idzakufunseni, kaya mu pulogalamu ya Finder kaya ya iTunes, chifukwa idzakuikirani mabatani awiri moyandikana: Update ndi Restore. Update imaikanso iOS osakhudza zinthu zanu, pamene Restore imasesa foni yonse kukhala ngati yangotuluka m'bokosi. Dzina lake limanyenga ambiri, poti amaliyesa lobweza zinthu zawo.

Tiyerekeze kuti mwadina Update, kompyuta yayamba kukoka iOS pa intaneti yochedwa, ndipo patatha mphindi 15 foni yatuluka yokha mu recovery mode. Apa ndi pamene osaleza mtima amati zakanika, n'kulumphira pa Restore. Sizinakanike ayi. Siyani kukokako kuthe, mulowetsenso foni mu recovery mode, musankhenso Update.

Restore ndi njira yomaliza, ndipo musanaikhudze dzifunseni kuti mudasunga liti kope la zinthu zanu, pakuti foni ili mu recovery mode kopelo silingatengedwe. Musangoti zonse zili ku iCloud: malo aulere kumeneko ndi 5 GB yokha, ndipo akadzaza kusunga kumaima, mwina miyezi yambiri inu mukunyalanyaza uthenga wochenjeza. Zofafanizidwa ndi Restore sizibwerera ngakhale kwa mmisiri waluso, chifukwa kiyi imene imatsegula zinthuzo imawonongedwa pamodzi nazo.

Amene mukupereka foni kwa wokonza, muuzeni momveka kuti asadine Restore musanavomere, popeza kwa iye njira yachangu ndi imeneyo. Kumbukiraninso pasiwedi ya Apple Account yanu, imene kale inkatchedwa Apple ID, chifukwa ngati Find My, yofufuzira foni yotayika, inali yoyatsa, foni yofafanizidwayo idzakana kutseguka popanda iyo.