Musamusiyitse zinki pa tsiku lachitatu

Mayi wina anafunsa kuti: "Mwana analandira katemera wa rota, bwanji akutsegulabe m'mimba?"

Mayi, katemerayo amalimbana ndi kachilombo ka rota kokha. Tizilombo tina timalowera m'madzi a pachitsime chosavindikira ndi m'manja osasamba, makamaka dzinja.

Wanga atadwala kwathu ku Santhe, ku Kasungu, ndinkasungunula piritsi la zinki pa supuni ndi mkaka wa m'mawere. Anali ndi miyezi 9, ndiye limodzi lathunthu patsiku. Wosakwana miyezi 6 amamwa theka. Thanzi ORS amabwezera madzi, pomwe zinki amakonza matumbo ovulala kuti matenda asakhalitse. Chimandiwawa n'chakuti ambiri timasiya kumwetsa zinki chimbudzi chikangolimba. Malizani masiku 10, amamutetezanso miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayo.

Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa, kapena akukana kuyamwa, thamangirani kuchipatala.