Mukusindikiza osawerenganso, mukuthamangira kuti?

Sabata yathayi ndinapatsidwa kapepala ka ndondomeko ya maliro, kosindikizidwa bwino ndithu, chithunzi cha malemu chili pamwamba. Koma zolembedwazo, abale inu! Mzere woyamba womwe unkati: "Mwambo wa malilo idzayamba m'mawa. Malemu ana siya ana anayi ndi zidzukulu asanu. Tikuthokoza mpingo onse kwa mbiri." Kapepala kameneka kanadutsa m'manja mwa anthu angati kasanafike kwa osindikiza? Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima n'kukawerenganso?

Mwambo "idzayamba" bwanji, pomwe pakamwa panu pomwepo pamati mwambo udzayamba? Zidzukulu n'zisanu, ndipo ngati mwakonda "asanu" lembani adzukulu. Mpingo ndi wonse. "Onse" ndi anthu. Ndi mwana uti wa kupulayimale amene sadziwa zimenezi? Vuto lake mumayamba chiganizo ndi dzina lina, pofika pakati mwaliiwala, mutu uli kale pa dzina lina. Ikani chala pa dzinalo, muwerenge mokweza mpaka pampumiro, mukumvetsera ngati mneni, mfotokozi ndi chiwerengero zikulitsatirabe. Khutu la munthu woyamwira Chichewa limakana lokha pamene mgwirizano wasokonekera.

Koma khutu lomwelo silingakuuzeni kuti mwadula mawu pakati. "Anasiya" ndi "ana siya" zimamveka chimodzimodzi, n'chifukwa chake pamafunika kuwerenganso kachiwiri, ndi maso okha. Mneni ndi mawu amodzi pamodzi ndi aphatikiri ake onse: anasiya, sindikudziwa, tidzakuuzani. Mukawadula, wowerenga amaona ana pamene palibe ana, amabwerera m'mbuyo, ndipo uthenga watayika kale. Nanga "kwa mbiri"? Mukuthokoza mbiri ya yani? Nawonso "nso", "tu" ndi "di" amamatirira kumapeto kwa mawu: ifenso, bweranitu, zoonadi. Kodi munaonapo "nso" ataima payekha n'kutanthauza kanthu?

Za "malilo" zija, lamulo lake ndi lachidule: m'kati mwa tsinde la mawu r amabwera pambuyo pa i kapena e, kwinako ndi l. Maliro, kulira, kulera, koma kulola. Ndipo musamasewere ndi h. Kuponya si kuphonya, pala si phala. Kalembo kamodzi kakasowa mwanena zina, ndipo tsiku lina kadzasowa pachidziwitso cha mankhwala kapena m'kalata ya malo.

Musandiuze kuti kompyuta sinaonetse cholakwa. Ngati yaikidwa pa Chingerezi imadula mzere wofiira pansi pa mawu pafupifupi onse a Chichewa, olondola ndi olakwika omwe, ndiye mudziwa bwanji? Foni nayo imasintha mawu mwakachetechete inu muli pa liwiro. Perekani pepalalo kwa munthu amene sanalilembe, chifukwa mwini wake amawerenga zimene zili m'mutu mwake, zapapepala osaziona.

Chingerezi mumachiwerenga katatu poopa kusekedwa, koma Chichewa mumangoti "amva ndithu". Manyazi mulibe? Lekani ulesi umenewu.