Gawo la wogulitsa limachoka pa mtengo wa pachikuto

Ndikufuna kuyankhula ndi alembi anzanga a kuno kuchigwa cha Shire, chifukwa zimandipweteka kuona munthu amene wavutika kulemba buku akutaya mpamba wake pa masamu a mtengo. Maganizo anga ndi akuti mtengo wa buku uyenera kuwerengedwa kuyambira pa ndalama imene idzatsale m'manja mwa mlembi wogulitsa atachotsa gawo lake.

Tiyerekeze kuti mwasindikiza mabuku 500 ku Blantyre pa K1,500,000, ndipo mkonzi, wojambula chikuto ndi galimoto yotsitsa makatoni mpaka ku Nchalo atenga K250,000. Zonse pamodzi ndi K1,750,000, kutanthauza kuti buku lililonse lakudyerani K3,500. Mukalemba K5,000 pachikuto, mumaona ngati mwapeza K1,500. Koma ngati mwagwirizana ndi mwini sitolo kuti azitenga 30 peresenti, gawo lakelo amaliwerengera pa K5,000 yomwe wogula walipira, choncho K1,500 yonse imapita kwa iye ndipo inu mumangobwezeredwa ya kusindikiza.

Ena amati athana nalo vutoli powonjezera 30 peresenti pamwamba, koma apanso amaphonya. Mukafuna phindu la K1,400, muyenera kulandira K4,900 pa buku. Kuwonjezerapo 30 peresenti kumapereka K6,370, ndipo wogulitsa akachotsa gawo lake pa mtengo umenewu mumatsala ndi K4,459, phindu lanu n'kutsika kufika pa K959. Njira yoyenera ndiyo kugawa K4,900 ndi 0.7, popeza inu mumalandira K70 pa K100 iliyonse. Yankho lake ndi K7,000: wogulitsa atenga K2,100, inu K4,900.

Ngakhale pamtengo umenewu, phindu lenileni limayamba mukagulitsa mabuku 358, chifukwa onse a m'mbuyomo akungobweza mpamba. Ndipo si onse 500 adzagulidwe. Ena mudzapereka ulere, lina lipita ku National Archives ku Zomba monga lamulo likunenera, ndipo katoni yosiyidwa pansi kuno kwathu imatha kulowedwa ndi chiswe kapena madzi a dzinja, mukadzaitsegula n'kupeza masamba atamatirirana.

Ndikudziwa kuti K7,000 ndi yolemera kwa mphunzitsi wa ku Bangula kapena mlimi wa thonje wa ku Ngabu. Koma sindivomereza kuti mlembi azidula phindu lake, kapena azigulitsa yekha motsika mtengo pafupi ndi sitolo yomwe wasiyamo mabuku, chifukwa mwini sitoloyo adzamubwezera onse. Pochepetsera mtengo ndi kwa osindikiza, buku lisanalowe m'makina: funsani mtengo wa pepala lopepukirapo, chepetsani masamba opanda kanthu, ndipo m'kati mukhale inki yakuda yokha. Mukatsitsa K700 pa buku lililonse kumeneko, pachikuto pamatsika K1,000 yathunthu, phindu lanu la K1,400 lili chikhalire.