Kudandaula kwa anthu si mphamvu ya kampani

"Mphamvu ya kampani yatsopanoyi ndi yoti anthu akudandaula ndi mitengo ya mabando."

Apa pokha ndakana achimwene, pa zimene mwanenazi za kampani yatsopano ya netiweki ya mafoni. Mu SWOT, njira younikira mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za bizinesi, mphamvu ndi zofooka ndi za mkati mwa kampani, monga ndalama, matawa ndi antchito, pomwe kudandaula kwa anthu ndi mwayi chifukwa kuli kunja ndipo TNM kapena Airtel atha kutsitsa mitengo mawa lomwe mwayiwo nkuthera pompo. Onani mmene Airtel inalowera mu 2010, inagula Zain nkupeza matawa ndi makasitomala zili kale, mphamvu yake inali imeneyo. Watsopano woyamba yekha alibe zimenezo, akhoza kugwira bwino mu tawuni ya Zomba muno mpaka ku Chinamwali koma nanga ku Chingale kuseri kwa phiri, tawa yake ayimika liti? Komanso ambirife foni zathu ndi za masimu awiri, munthu angogula simu yatsopano ya intaneti basi koma ndalama azitumizabe pa Mpamba kapena Airtel Money poti ma ejenti ali paliponse, ndiye kuwerenga masimu ogulidwa kumanamiza. Pa ziopsezo onjezani foleksi, zipangizo za netiweki amagula ndi madola pomwe ife timalipira makwacha omwe anagwa ndi 44% mu Novembala 2023.