Mukapeza ntchito ina, osazimitsa foni chonde

Amene akwiye akwiye basi koma ndinena. Mwezi wathawu mng'ono wanga anamufuna malo awiri sabata imodzi, kwina ukashiya pa loji ina cha ku Nkopola, kwina za maakaunti ku bungwe lina pa Boma pompano, malipiro abwinoko komanso osakwera matola m'mawa uliwonse. Anasankha ya pa Boma, palibe angamunene. Koma nditafunsa kuti kodi a ku loji wawauza, akuti "achimwene ndingosiya kuyankha foni, adziwa okha." Iii, mutu unandiwawa.

Anthu aja anali atamuuza kale tsiku loyamba ntchito, ndipo pa intavyu sumakhala wekha, pali wina amene anabwera wachiwiri yemwe akudikira mwina ku Namwera uko. Iwe ukakhala chete masabata awiri, a loji akumangoti munthu tili naye, wachiwiri uja n'kutopa n'kupita kwina, tsiku lifike pa kauntala palibe munthu. Ndiye Mangochi ndi yaing'ono abale, manijala amene ukumuthawayo mukumana naye pa mzere ku banki kapena pa mlatho wa Bakili Muluzi iwe uli pa kabaza, ubisala kuti?

Ndinamuuza chinthu chimodzi kaye: usakane kulikonse usanasayine kontirakiti ya pa Boma, zongouzidwa pa foni kuti "mwapambana" si ntchito, ena zinawathera pompo. Atasayina Lachiwiri m'mawa, masana omwewo anaimbira bambo amene anamupatsa ntchito ku loji, osati pa risepushoni ayi, iwowo. Mawu ake anali ochepa: "Bwana, zikomo kwambiri pondikhulupirira, koma pepani sinditha kubwera, ndavomera ntchito kwina. Ndati ndikuuzeni msanga kuti mupeze wina nthawi ikadalipo."

Bambo aja anafunsa kuti kodi kumeneko akukupatsani zingati, mwina tikhoza kuonjezera. Apa ndi pamene ambiri amagwa, amatchula ndalama kenako zimakhala ngati kunenerera usipa pa doko, iwe utasayina kale kwina. Iye anangoti "ayi bwana, ndasayina kale, sindingabwezenso mawu." Sananame kuti agogo adwala kapena akupita ku Joni, bodza lotero limaululika Lolemba lomwe akakuona wavala tayi pa Boma. Komanso sanayambe kuwawerengera kuti malipiro anu ndi ochepa, kwanuko n'kutali, zimenezo sanamufunse.

Madzulo anatumiza imelo ya mizere itatu yobwereza zomwezo, kuti zikhale zolembedwa, chifukwa a ofesi amafuna pepala loika mu failo asanaitane wina. Akanakhala kuti ku lojiko anasayinanso, imeneyo ndi nkhani ina, pamenepo umayamba wawerenga zomwe kontirakiti ikunena pa za notisi.

Anamuyankha m'mawa mwake, mawu awiri okha: "Zabwino zonse." Yunifomu anali asanasoketse.