Malikisi 20 odulidwa pa asayimenti si malikisi 20 pa kosi

Ophunzira anzathu a m'makoleji ndi m'mayunivesite kuno ku Mzuzu, pali masamu amodzi amene ndikufuna tiwaonere limodzi, chifukwa ambiri mukuopa chinthu chaching'ono n'kumasewera ndi chachikulu. Ndikunena za malikisi amene aphunzitsi amadula ukapereka asayimenti mochedwa.

Mng'ono wanga amene amachita lendi ku Luwinga anandionetsa foni yake nkhope itagwa. Avereji yake pa kosi ina inali 70, kenako inatsika mwadzidzidzi kufika pa 59. Iye nkuti, "Achimwene, kosi iyi yandithera." Ndinamuuza kuti abweretse pepala la ndondomeko ya kosi, lija amagawa sabata yoyamba ya semesita anthu n'kulikwinya m'chikwama.

Papepalapo zinali chonchi: asayimenti yoyamba ili ndi gawo la 10 pa 100 la kosi yonse, yachiwiri 10, mayeso a pakati pa semesita 20, mayeso omaliza 60. Lamulo la kuchedwa linati tsiku lililonse amadula malikisi 10 pa 100, ndipo pakadutsa masiku 5 salandiranso, amalemba ziro. Kosi ina iliyonse ili ndi lamulo lake, choncho onani lanu.

Asayimenti yoyamba anapeza 70. Yachiwiri ntchito yake inali ya 68, koma anachedwa masiku awiri, ndiye anamudula 20 n'kutsala ndi 48. Popeza asayimenti ziwirizi zimalemera mofanana, avereji ndi 70 kuphatikiza 48, kugawa pawiri, 59. Akanapereka pa nthawi yake ikanakhala 69. Ndiye ndi zoona, pafoni paja akuoneka kuti wataya 10.

Koma avereji imene mumaiona pakati pa semesita imawerengera zokhazo zimene zachongedwa kale. Pa nthawiyo kunali kutachongedwa gawo la 20 lokha pa 100, ndiye asayimenti imodzi inali ngati theka la kosi yonse, pamene kulemera kwake kwenikweni ndi 10 basi. Mtengo weniweni wa chilango mumaupeza pochulukitsa malikisi odulidwa ndi kulemera kwa asayimentiyo: 20 kuchulukitsa ndi 0.10, yankho ndi 2. Malikisi awiri pa zotsatira zomaliza.

Muone mmene mpatawo umachepera. Tinene kuti pa mayeso a pakati pa semesita apeze 60. Asayimenti yoyamba yamupatsa 7, yachiwiri 4.8, mayesowo 12, zonse pamodzi 23.8 pa 40, yomwe ndi avereji ya 59.5. Popanda chilango zikanakhala 25.8 pa 40, kapena kuti 64.5. Mpata uja wa 10 tsopano watsika kufika pa 5, ndipo akadzalemba mayeso omaliza udzafika pa 2 n'kuima pomwepo. Ngati kukhoza kuli pa 50, akufunika 44 pa mayeso omaliza m'malo mwa 41. Zowawa ndithu, koma si zoti munthu n'kutaya nazo mtima n'kusiya kuwerenga, zomwe mnzathuyu anali atatsala pang'ono kuchita.

Choopsa ndi ziro. Ophunzira ena akaona kuti achedwa kale masiku atatu amati basi, manyazi, palibenso chopereka. Pamenepa mpamene munthu amadzipha yekha. Akanapanda kupereka konse mng'ono wangayu, akanataya 6.8 yonse, kontinyuwasi yake ikanakhala 19 pa 40, ndipo mayeso omaliza akanafuna 52 kuti angokhoza. Kuchoka pa 44 kufika pa 52 ndi ulendo, ndipo kwa ambiri ndi pamene pamasiyanira kukhoza ndi kubwerera kudzalemba sapu. Ngakhale tsiku lachinayi, atadulidwa 40 n'kutsala ndi 28, akanapulumutsabe 2.8.

Ziro ameneyu alinso ndi khalidwe lobisala. Aphunzitsi ambiri amasunga malikisi pa Excel, ndipo AVERAGE sawerengera malo amene asiyidwa opanda kanthu. Pa Moodle paliponso posankha potchedwa "Exclude empty grades" pochita zomwezo. Ndiye amene sanapereke konse akhoza kumaona 70 yake ili chiimire kwa masabata angapo, kwinaku akuseka mnzake wa 59 amene anachedwa koma anapereka. Tsiku limene aphunzitsi adzalembe 0 pamalo paja, 70 ija idzasanduka 35. Mukaona avereji yanu sinasunthe chidutsireni tsiku lopereka, musasangalale, yang'anani ngati pamzere wa asayimentiyo pali nambala kapena mpata chabe.

Lachisanu nalonso limapusitsa. Ngati tsiku lomaliza ndi Lachisanu madzulo inu n'kupereka Lolemba m'mawa, mumtima mumati mwachedwa tsiku limodzi. Ngati lamulo likuwerenga Loweruka ndi Lamulungu, amenewo ndi masiku atatu, malikisi 30. Funsani zimenezi semesita ikungoyamba, mkwiyo usanabwere.

Tsono maganizo anga kwa aphunzitsi athu. Chilangocho sindikutsutsana nacho. Amene wachezera usiku wonse m'chisanu cha ku Mzuzu kuno kuti amalize pa nthawi yake sangafanane ndi amene watenga masiku ena awiri, mwinanso atasuzumira ntchito ya anzake. Chimene sindigwirizana nacho ndi kadulidwe kake. Kudula 10 pa 100 patsiku n'kosiyana ndi kudula 10 peresenti ya zimene wophunzira wapeza, ngakhale pakamwa zimamveka zofanana. Pa njira yachiwiriyi mng'ono wanga akanadulidwa 13.6 n'kutsala ndi 54.4, osati 48. Tsopano taganizirani wophunzira wofooka amene wapeza 45. Njira yoyamba imamusiya ndi 25, wataya pafupifupi theka la thukuta lake, pamene wa 85 watsala ndi 65, wataya zosakwana kota. Tchimo ndi limodzi, masiku ndi omwewo, koma ndodo yagwera kwambiri amene anali kale m'mphepete. Pa njira yachiwiri wa 45 uja amatsala ndi 36. Ine ndikuti yachiwiriyi ndiyo yachilungamo, makamaka tikakumbukira kuti ochedwa kawirikawiri ndi aja obwereka laputopu ya mnzawo usiku mwini wake akagona, aja magetsi akazima ku Chibavi kapena ku Zolozolo alibe kwina kothawira.

Ndipo chonde, pobweza mapepala lembani manambala onse awiri: 68, kuchotsa 20, kutsala 48. Wophunzira akangoona 48 yokha amaganiza kuti phunzirolo sakulimva, n'kuyamba kukonza zimene sizinawonongeke, pamene vuto lake linali kalendala.

Wina andifunsa kuti, nanga ndipereke ntchito yosatha lero kapena yomaliza bwino mawa? Yerekezani manambala. Ngati lero ingapeze 50 ndipo mawa 70, mawa mutsala ndi 60, ndiye dikirani. Ngati tsiku lowonjezeralo likungokonza chikuto ndi kalembedwe ka mabuku amene mwagwiritsa ntchito, zosakwana malikisi 10, kapulinteni muthamange nayo lero lomwe. Ndipo ngati chakuchedwetsani ndi matenda kapena maliro, lemberani aphunzitsi tsiku lomaliza lisanakwane, kalata ya kuchipatala ili m'manja, chifukwa kupempha masiku owonjezera n'kosavuta kusiyana ndi kupempha kuti akubwezereni malikisi amene alembedwa kale.